Tsamba la chimanga la pa funso 14: lipoti la momwe ndinasankhira pakati pa B ndi D

Ndimaphunzitsa zaulimi pa sekondale ina yoyendera kuno ku Dedza. Nkhani ndikulembayi inachitika m'teremu yachiwiri, kumayambiriro kwa Malichi, pamene ana a fomu 2 ankalemba mayeso oyeserera okonzekera JCE. Mayesowo anakonzedwa ndi aphunzitsi a masukulu a m'dera lathu, aliyense anapereka mafunso ake, kenako pepala linasindikizidwa pamodzi n'kugawidwa. Ndailemba chifukwa yankho lomwe ndinasankha silinali lomwe linali pa pepala la mayankho, ndipo mpaka lero sindinganene kuti ndinalakwa kotheratu kapena kuti ndinakhoza.

Chithunzi chomwe ndinalandira

Lachiwiri madzulo, cha m'ma 8 koloko, ndinalandira chithunzi pa WhatsApp kuchokera pa foni yachilendo. Anali mtsikana wa m'kalasi mwanga, anabwereka foni ya mlongo wake. Analemba kuti: "Aphunzitsi, pepani ndakuvutitsani usiku. Funso 14 takanganapo ndi anzanga njira yonse. Ine ndalemba D, iwo akuti B. Cholondola n'chiti?"

Funsolo linali m'Chingerezi, koma tanthauzo lake ndi ili: chithunzi chikuonetsa tsamba lam'munsi la chimanga, ndipo gawo lomwe lalozedwa ndi X lasanduka lachikasu, kodi ndi mchere uti womwe ukusowa m'nthaka? Pansi pake panali mayankho anayi. A anali fosiforasi, B naitirojeni, C salufa, D potaziyamu.

Tsambalo linagonekedwa chopingasa m'kabokosi. Kumanja linathera pa mzere wa bokosilo, ngati lodulidwa ndi mpeni. Kumanzere kunali chala chachikulu cha mwanayo chopanikiza pepala, ndiponso kuwala kwa tochi komwe kunayeretsa malo onse ozungulira chalacho. Choncho mbali zonse ziwiri zothera tsamba sizinkaoneka. Chomwe chinkaoneka bwino ndi pakati: gawo lakuda looneka ngati mutu wa mkondo, lotambalala kumanzere, losongoka kumanja, logona pa mtsempha wapakati. Pamwamba ndi pansi pake panali timizere toyera totsata m'mphepete mwa tsamba. Muvi wa X unachokera pamwamba n'kuthera m'kamzere koyera kam'mwambako, pafupi kwambiri ndi malire a gawo lakuda.

A ndi C sanandichedwetse. Chimanga chosowa fosiforasi chimafiirira ngati mtundu wa pepo, makamaka chikadali chaching'ono, ndipo kuno kozizira timachiona kawirikawiri, sichichita chikasu. Salufa amachititsadi chikasu, koma amayambira masamba anthete akumwamba, pamene funso linanena poyera kuti tsamba ndi lam'munsi. Anatsala B ndi D, ndipo apa m'pamene ndinakhala pansi.

Chifukwa chomwe awiriwa amasokonezera

Naitirojeni ndi potaziyamu ndi michere yomwe mbewu imatha kuisamutsa m'thupi mwake. Ikachepa m'nthaka, chimanga chimaichotsa m'masamba akale n'kuitumiza kumasamba atsopano. N'chifukwa chake matenda onse awiri amayambira pansi pa phesi n'kumakwera, ndipo onse amayambira kunsonga ya tsamba. Mpaka apa ndi mapasa. Amasiyana njira yomwe chikasu chimadzera chikachoka kunsongako.

Posowa naitirojeni, chikasu chimatsika motsata mtsempha wapakati. Chimapanga chilembo cha V, chotambalala kunsonga, chosongoka cholozera kuphesi, ndipo m'mphepete mumakhala mobiriwira kwa kanthawi. Posowa potaziyamu, chikasu chimatsika ndi m'mphepete monse muwiri, kenako m'mphepetemo mumauma ngati mwawauka ndi moto, pakati n'kutsala pobiriwira. Gawo lobiriwira lotsalalo nalonso limaoneka ngati V, koma yolozera kunsonga. Ana anga ndimawauza kuti pa naitirojeni mkondo ndi wachikasu ndipo ukubaya phesi, pa potaziyamu mkondo ndi wobiriwira ndipo ukuthawira kunsonga.

Kumunda palibe vuto, maso amaona mtundu. Koma pa pepala la fotokope palibe chikasu, palibe kubiriwira. Pali kuda ndi kuyera basi, ndipo mkondo ulipo pa matenda onse awiri.

Zomwe zinkakokera ku D ndi zomwe zinkakokera ku B

Mwanayo sanalembe D mwachisawawa. Muvi unathera m'mphepete, funso likuti pomwe pali X ndi pachikasu, ndiye kuti m'mphepete ndi mwachikasu, ndiye potaziyamu. Kuonjezera apo, chithunzi chamitundu chikadutsa m'makina a fotokope, zobiriwira zimatuluka zoderapo kuposa zachikasu. Pakati pakuda ndi m'mphepete moyera ndi momwe tsamba losowa potaziyamu lingaonekere ndithu. Umenewu ndi umboni uwiri, ndipo wonse ukuoneka ndi maso popanda kulingalira kwambiri.

Ndinakulitsa chithunzicho ndi zala mpaka chinayamba kusweka timabokosi. Choyamba chomwe ndinafuna kudziwa n'chakuti tsambali linajambulidwa ndi kamera kapena ndi dzanja. Malire a tsamba anali mzere umodzi wosalala wa cholembera, ndipo m'mbali mwa gawo lakuda munkaoneka timizere topendekera tomwe munthu amakhwatcha akamadetsa malo. Linali la pamanja. Izi zinafooketsa umboni wa kuda ndi kuyera, chifukwa wojambula pamanja amadetsa gawo lomwe wafuna. Ambiri timadetsa gawo lodwala, kuti liwonekere. Ena amadetsa lobiriwira potsanzira momwe tsamba limaonekera. Popanda mawu ofotokoza pambali, kudako sikunena kanthu.

Chachiwiri chinali kupeza nsonga. Ndikadziwa komwe kuli nsonga, ndiye kuti ndadziwa komwe mkondo walozera, ndipo mtundu sukufunikanso. Kupyapyala kwa tsamba sikunandithandize kwenikweni. Linkaoneka lochepako kumanzere, koma tsamba la chimanga limachepa mbali zonse ziwiri, kunsonga kwambiri, kutsinde pang'ono. Chomwe chinandithandiza ndi mtsempha wapakati. Kumanja unajambulidwa ndi mizere iwiri yotalikirana, ndipo polowera kumanzere mizereyo inkayandikana mpaka kulowa m'gawo lakuda ili pafupi kukhudzana. Mtsempha wa tsamba la chimanga ndi wonenepa kutsinde, wowonda kunsonga. Choncho tsinde linali kumanja, nsonga inali pansi pa chala cha mwanayo. Mkondo unali wotambalala kunsonga, wolozera kuphesi. Imeneyo ndi naitirojeni.

Panalinso china. Nditayesa kuwerenga chithunzicho ngati D, ndinapeza chinthu chosatheka. Ngati kuyera ndi chikasu, ndiye kuti kumanja konse, kupitirira posongoka pa mkondo, tsamba ndi lachikasu m'lifupi mwake monse, pamene kunsonga ndi kobiriwira. Tsamba lobiriwira kunsonga, lachikasu kutsinde, si la chimanga chosowa potaziyamu. Nditawerenga ngati B, zonse zinagwirizana kupatula muvi wokha.

Ndinatsala ndi mbali ziwiri, iliyonse ili ndi chinthu chimodzi chosaimvera. B ankakanidwa ndi muvi. D ankakanidwa ndi maonekedwe a tsamba lonse. Ndinadzifunsa kuti pa ziwirizi, n'chiti chomwe fotokope ndi kamera ya foni zingaononge mosavuta. Makina sangatembenuze mkondo kuti uloze kwina. Koma kamzere kopyapyala ka muvi kakalowa m'malo odetsedwa kamamira osaonekanso, makamaka inki ikachuluka, ndipo pepala lathuli linali lakuda moti ngakhale zilembo zina zinamatirirana. Ndinaganiza kuti muviwo unangodutsa m'mphepete polowera pakati, mutu wake n'kumira mumdima. Ndinasankha B.

Zomwe ndinamulembera

Kuyankha kuti onse ndi olondola kukanakhala kosavuta, ndipo mwana akanagona mtima uli m'malo. Koma sizoona. Tsamba limodzi silingakhale chitsanzo cha zonse ziwiri pa funso lofuna chilembo chimodzi, ndipo mwana wa mayeso akaphunzira kuti mayankho awiri akhoza kungosiyidwa ali choncho, tsiku la mayeso enieni adzataya mphindi zisanu akuyang'ana uku ndi uku. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Kuyankha kuti "ndi B basi" nakonso kukanakhala bodza la mtundu wina, chifukwa ineyo ndinali nditatha pafupifupi theka la ola ndikukulitsa chithunzi, ndiye n'kuyankhula ngati ndangoona kamodzi n'kudziwa. Uthenga wanga unali uwu, ndaukopera momwe unalili:

"Mwanawe, ine ndikanalemba B, naitirojeni. Chifukwa chake: mtsempha wapakati ndi wonenepa kumanja, ndiye nsonga ili kumanzere, ndipo V yatambalala kunsonga n'kulozera kuphesi. Umu ndi momwe naitirojeni amaonekera. Koma D wako si wopanda nzeru. Muvi ukuoneka ngati wathera m'mphepete, ndipo chikasu cha m'mphepete ndi potaziyamu. Muviwo wamira m'gawo lakuda chifukwa cha fotokope. Pa magawo khumi, ndikutsimikiza asanu ndi awiri. Kukayika kwanga kuli pa chithunzi, osati pa phunziro: zomwe tinaphunzira za V ndi za m'mphepete usazisinthe. Chala chako chabisa mbali yakumanzere. Ngati kumeneko kuli tsinde osati nsonga, yankho lisintha kukhala D. Ubwere nalo pepalalo mawa."

Ndinayamba ndi chilembo dala. Munthu wofunsa amafuna adziwe kaye pomwe waima, ndipo ukayamba ndi zokayika amaleka kuwerenga asanafike pa yankho, kapena amatolapo chomwe chamukomera. Ndinatchulanso umboni wa D m'mawu omwe mwini wake akanavomereza, chifukwa kukayika kosatchula chomwe chikukukayikitsa n'kudzitchinjiriza chabe. Mphunzitsi akati "mwina ndi B, koma sindikudziwa bwino", wadzikonzera pothawira, mwana sanapindule kanthu. Akati "ndi B, koma muvi ukundivuta, ndipo ndikaona mbali yobisikayo ndidziwa", wamupatsa mwana ntchito yoti achite ndi maso ake.

Chiganizo chonena kuti kukayika kuli pa chithunzi osati pa phunziro ndimachiona chofunika kuposa zonse muuthengawo. Ana akamva mphunzitsi akukayika, amaganiza kuti mutu wonse wagwedezeka, ena mpaka amakafufuta zolondola m'makope mwawo. Ndinafuna adziwe malire a kukayikako.

Za magawo asanu ndi awiri pa khumi, sindinawerengere ndi masamu ayi. Ndi njira yongonenera kuti ndapendekera kwambiri mbali imodzi koma sindingalumbire. Ndimaikonda kuposa mawu oti "mwina", chifukwa "mwina" wa munthu wina ndi theka, wa wina ndi pafupifupi zonse.

Zomwe zinapezeka m'mawa mwake

Mwanayo anabwera nalo pepala nthawi yopuma. Kumanzere kunali nsonga, yosongoka bwinobwino. Ndinamwetulira, n'kumuuza kuti asanu ndi awiri aja akwera kufika asanu ndi anayi. Iye anangoti, "Chabwino aphunzitsi, koma muviwo taonaninso." Ndinauyang'ana pa dzuwa. Unali ndi mutu wake, tinthambi tiwiri tooneka bwino, ndipo unathera m'kamzere koyera. Sunamire paliponse. Pa foni tinthambito tinkaoneka ngati kadontho ka inki, ine n'kukayesa litsiro la makina.

Masana pepala la mayankho linafika kwa ahedi. Pa nambala 14 panalembedwa D.

Sindinachonge funsolo tsiku limenelo. Ndinayamba ndawerenga momwe ana anga anayankhira. Mwa ana 84, 37 analemba B, 35 analemba D, 12 otsalawo anagawikana pa A ndi C. Kenako ndinapatula mapepala 20 a ana omwe anakhoza kwambiri mafunso ena onse. Mwa iwo, 11 analemba B ndipo 9 analemba D. Kawerengedwe aka ndi kosavuta ndipo ndimalimbikitsa aliyense wochonga kuti azikachita akakayika funso. Funso likakhala lovuta koma labwino, ana amphamvu amaunjikana pa yankho limodzi, ofooka ndiwo amamwazikana. Ana amphamvu akagawikana pakati ngati mmene anachitira apa, nthawi zambiri vuto lili pa funso.

Ndinaimbira foni mphunzitsi yemwe anakonza gawo limenelo, bambo wachikulire yemwe anayamba kugwira choko ine ndili ku pulayimale. Sindinayambe ndi kunena kuti funso ndi lolakwika. Ndinati, "Akulu, ndithandizeni pa nambala 14. Ine ndinawerenga ngati naitirojeni chifukwa cha komwe V yalozera, koma pepala la mayankho likuti potaziyamu. Mumafuna kuonetsa chiyani pamene mumajambula?" Anandiuza kuti anajambula okha usiku, opanda buku pafupi. Ankafuna potaziyamu. Anadetsa pakati kusonyeza kubiriwira, anasiya m'mphepete moyera kusonyeza chikasu, n'kuika muvi m'mphepetemo mosamala. Za V ankakumbukira kuti ilipo, koma sanaganizire komwe iyenera kulozera. Atatenga pepala lawo n'kuliyang'ana, anakhala chete pang'ono, kenako anaseka n'kuti, "Aphunzitsi, mkondowu ndaugwira chakumutu."

Tinagwirizana ndi aphunzitsi a masukulu enawo kuti B ndi D onse alandire malikisi. Wina anapempha kuti funso lingochotsedwa, koma ine ndinakana, chifukwa kutero kukanafananitsa ana 72 omwe anaganiza bwino ndi 12 omwe sankadziwa kuti fosiforasi sachititsa chikasu kapena kuti salufa amayambira kumwamba. Kulandira onse awiri pochonga sikukutsutsana ndi zomwe ndanena pamwambapa. Woyankha ayenera kusankha chimodzi. Wochonga, akapeza kuti funso linali ndi miyendo iwiri, ndiye woyenera kusenza cholakwacho.

Pomwe ndinaphonya

Poyang'ananso uthenga wanga, ndikuonamo zolakwa ziwiri, ndipo chilembo B si chimodzi mwa izo.

Choyamba chili m'chiganizo chakuti "Muviwo wamira m'gawo lakuda chifukwa cha fotokope." Ndinachilemba ngati chinthu chomwe ndaona, chonsecho chinali chongoganiza. Mtsempha wonenepa ndinauonadi. Komwe V yalozera ndinaonadi. Kumira kwa muvi sindinakuone. Ndinakupeka kuti B akhale bwino. Ichi ndi chinyengo chomwe chimalowa mwakachetechete munthu akasankha kale mbali: umboni wotsutsa amaupezera chifukwa, ndipo chifukwacho amachinena ndi mawu omwewo omwe akunenera zinthu zooneka. Ndikanalemba kuti "ndikuganiza kuti wamira, koma pa chithunzichi sindikutha kuona mutu wake", mwana akanadziwa kuti pali zinthu ziwiri zokayang'ana pa pepala, osati chimodzi. Mwayi wake anakayang'ana yekha.

Chachiwiri n'chakuti ndinatchula chinthu chimodzi chokha chomwe chingasinthe yankho langa, chomwe ndi nsonga. Nsongayo inapezeka komwe ndinanena, koma yankho la wokonza funso linali lina. Ndiye kuti panali khomo lina lomwe sindinaliganizire n'komwe. Ndinaika kukayika konse pa makina ndi pa chala cha mwana, n'kuiwala kuti chithunzicho chinajambulidwa ndi munthu, ndipo munthu amalakwitsa. Zodabwitsa n'zakuti ndinali nditazindikira kale kuti n'cha pamanja. Ndinagwiritsa ntchito mfundoyo pofooketsa umboni wa kuda ndi kuyera, koma sindinaigwiritse pofooketsa umboni wanga wa V. Dzanja lomwe lingadetse gawo lililonse lingathenso kulozetsa mkondo kulikonse.

Apa m'pamene maganizo anga asintha. Pa chithunzi cha kamera, maonekedwe a chinthu ndi amphamvu kuposa muvi, chifukwa tsamba lenileni silinama, pamene muvi amauika munthu pambuyo pake ndipo ukhoza kusuntha posindikiza. Pa chithunzi cha pamanja zimatembenuka. Wojambula amasamala kwambiri pomwe akuika muvi, popeza funso lake lonse lagona pamenepo, koma maonekedwe ena onse amangowajambula mwa chikumbumtima. Pepala lofananalo litabweranso lero, ndikhoza kulemba D, n'kunena kuti V yalozera kolakwika ndipo ikundikayikitsa. Mnzanga wophunzitsa sayansi sagwirizana nane. Iye akuti tikayamba kuphunzitsa ana kulosera zomwe zili m'mutu mwa wokonza mayeso, tasiya kuphunzitsa ulimi. Ali ndi mfundo, ndipo sitinamalize kukambirana. Chomwe ndinamuyankha n'chakuti pali mafunso awiri obisala m'funso limodzi: tsamba lotere likusowa chiyani, ndi wofunsayu akufuna chilembo chiti. Pa pepala labwino mayankho ake amakhala amodzi. Akasiyana, woyankha anene kuti akuyankha liti.

Kumunda wa sukulu

Lachisanu ndinatenga kalasi yonse kupita kumunda wathu. Chimanga chinali chitabereka, ndipo kumunsi kwa munda, komwe madzi a mvula ya Febuluwale anadutsa kwambiri, masamba a naitirojeni anali mbwee. Mwana aliyense anathyola limodzi n'kuloza komwe mkondo walunjika. La potaziyamu lenileni sitinalipeze. Ana anabweretsa angapo ouma m'mphepete, koma ena anali ongokalamba, ena anali a m'mizere yomwe munali kaufiti, ndipo sindinafune kutchula dzina la matenda pa tsamba lomwe sindikulitsimikiza, sabata yomweyo yomwe ndinali nditaphunzira phunziro limeneli.

Pomwepo ndinawafotokozera chifukwa chake kusiyanitsaku si kwa malikisi okha. Mlimi akaona chikasu amathamangira yureya, yemwe ali ndi naitirojeni 46 pa 100 alionse koma alibe potaziyamu ngakhale pang'ono. Ngati vuto ndi potaziyamu, thumba lonse la makilogalamu 50 lija silichiza zomwe wagulira. Ndinawaonetsa manambala a pa matumba. Feteleza wokulitsa yemwe makolo awo anazolowera kwa zaka zambiri amalembedwa 23:21:0+4S, ndipo nambala yachitatuyo, ziro, ndiyo ya potaziyamu. Wa masiku ano amalembedwa 23:10:5+6S+1.0Zn, ndipo pamalo pa ziro paja pali 5. Ana a alimi a kachewere ankadziwa kale kuti feteleza wa D kompaundi ali ndi potaziyamu wambiri, ngakhale sankadziwa kuti ndiye amasiyanitsa.

Mnyamata wina anafunsa kuti nanga mlimi akatumiza chithunzi cha tsamba pa foni, osati cha mayeso, n'kufunsa kuti agule chiyani, ndingayankhe bwanji. Ndinamuuza kuti kayankhidwe n'komweko, koma kulemera kwa kukayika kumasintha chifukwa cholakwa chimadya ndalama. Pa mayeso, magawo asanu ndi awiri pa khumi ndi okwanira kulemba chilembo n'kupita pa funso lotsatira. Pa thumba la feteleza, ndinganene chomwe ndikuganiza, koma ndingamuuze asagule kaye mpaka atumize chithunzi china chojambulidwa masana, tsamba lonse kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, china cha phesi lonse kuti ndione masamba omwe adwala, ndiponso andiuze feteleza yemwe anathira ndi tsiku lake. Ngati n'kotheka aitane alangizi akaone ndi maso.

Zomwe tasintha

M'kalasi mwanga, tikamabwereza mafunso a zithunzi, mwana aliyense amalemba chilembo chimodzi, ndipo pambali pake, ngati akukayika, amalemba chilembo chachiwiri ndi chinthu chimodzi cha pa chithunzi chomwe chikumukokera kumeneko. Ndimawauza alembe "ndaona" pa zomwe angaloze ndi chala, ndi "ndikuganiza" pa zina zonse. Masabata oyamba ambiri ankalemba "ndaona" paliponse, ngati mmene ndinachitira ine. Wotumiza chithunzi pa foni ndimamubweza ngati chala kapena kuwala kwabisa mbali ina. Ajambulenso pepala litagona pansi, mafunso ndi mayankho onse anayi akuoneka.

Kwa okonza mayeso a m'dera lathu tinagwirizana kuti chithunzi chilichonse chodetsedwa chizikhala ndi mawu pambali onena kuti kudako kukuimira chiyani, ndiponso kuti mphunzitsi wina yemwe sanaone pepala la mayankho aziyamba wayankha mafunso onse a zithunzi pa kope yomwe yadutsa kale m'makina, osati pa choyambirira. Bambo aja anajambulanso tsamba lawo, mkondo wobiriwira utalozera kunsonga, n'kulitumiza kwa ine kuti ndiliyankhe ndisanauzidwe kanthu. Ndinalemba D, ndipo pambali pake sindinalembe chilembo china. Chithunzi chakale chija ndinachisunga. Chili m'kabati ya ofesi, ndipo fomu 2 ya chaka chino ndaikonzera kuti idzachione sabata yomwe tidzayambe mutu wa michere ya m'nthaka.